Kalata yotulutsira wodwala chibayo: zimene wa kuchipatala chaching'ono amafuna kupezamo

*Adokotala, ndine kilinikala ofisa watsopano, ndikugwira m'wodi ya abambo pachipatala china kuno ku Chigwa cha Shire. Tikamatulutsa wodwala chibayo ndimalemba m'buku lake mizere itatu: matenda, mankhwala ndi tsiku lobweranso. Mnzanga wa kuchipatala chaching'ono wandiuza kuti zolemba zathu sizimuthandiza wodwalayo akafika kwa iye. Ndizilemba chiyani, poti odwala ndi ambiri ndipo malo m'buku ndi ochepa?*

Mnzanuyo mumuthokoze. Ambiri amene amalandira odwala athu amangodandaula chamumtima, ife osadziwa.

Musanagwire cholembera, yambani mwamuona munthu amene akawerenge. Ndi medikala asisitenti kapena namwino, mwina ali yekha tsiku limenelo, pakhonde padzaza amayi ndi ana otentha thupi. Ali ndi choyezera kutentha kwa thupi, choyezera kuthamanga kwa magazi, sikelo, chomvetsera m'chifuwa, ndipo ngati mabatire alipo, kachipangizo kopana pachala koyezera okosijeni. Failo ya m'wodi mwanu sadzaiona. Ekisile sadzaiona. Foni ikhoza kugwira kapena ayi. Ndipo kuno kutumiza wodwala si nkhani yaing'ono: ngati chipatala chake chili tsidya la kum'mawa kwa Shire, m'nyengo ya mvula ulendo wobwerera kuchipatala cha boma ungafune kabaza, bwato ndi ambulansi, kapena kulephereka kumene, monga anthu a ku Makhanga anaonera m'madzi osefukira a mu Januwale 2015 komanso pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Tsono wodwala wanu akakhala pampando patsogolo pake, akutsokomolabe, funso limene lili m'mutu mwa mnzanuyo ndi limodzi: munthu uyu akuchira pang'onopang'ono kapena akubwerera m'mbuyo, ndimusunge kuno kapena ndimubweze? Zonse zimene mulembe zimuthandize kuyankha funso limeneli. Chimene sichithandiza pamenepo chikhoza kutsala m'failo.

Tiyeni tiyende ndi chitsanzo. Bambo wa zaka 46, msodzi, wagonekedwa Lolemba pa 3 Febuluwale atadwala masiku 5: kutsokomola, kutentha thupi, kubaya m'nthiti za kumanja, kubanika. Polowa thupi linatentha madigiri 39.2, amapuma ka 34 pa mphindi, mtima ka 118, kuthamanga kwa magazi 96/60, okosijeni 86 peresenti. Ali ndi HIV, koma anasiya ma ARV miyezi 8 yapitayo atapita kukawedza ku Mozambiki. Mwamuika pa okosijeni, mwamubaya sefitiriakizoni, wapeza bwino, ndipo Lachisanu pa 7 Febuluwale mukumutulutsa.

Chinthu choyamba, ndipo ndi chimene chimasowa m'mabuku ambiri amene ndimawerenga, ndi mmene wodwala analili pa ola limene amatuluka. Timakonda kulemba mmene analowera, chifukwa ndi pamene tinagwira ntchito yaikulu, kenako n'kutsekera ndi mawu akuti "wapeza bwino". Mawu amenewa mnzanu sangawayeze. Taganizani kuti bambo uja wafika kuchipatala chaching'ono Lolemba lotsatira, okosijeni ikuonetsa 92, akupuma ka 22, kumunsi kwa phapo la kumanja kukumveka phokoso lothetheka. Ngati buku likunena kuti anatuluka ndi 93, akupuma ka 22, ndipo phokosolo linalipo, mnzanu adziwa kuti palibe chasintha, amulimbitsa mtima n'kumubweza kunyumba. Koma akadatuluka ndi 98, akupuma ka 16, mapapo oyera, manambala omwewo akanatanthauza kuti zinthu zikuipa. Popanda nambala yotulukira, wolandira amachita chimodzi mwa ziwiri: kubweza munthu amene akuchira bwinobwino, banja n'kugulitsa mbuzi kuti lipeze ya ulendo, kapena kusunga munthu amene akumira, n'kumupatsa amokisilini wina.

Choncho m'mawa wa tsiku lotulutsa, yezani nokha kapena imani pambali poyeza. Kupuma muwerenge mphindi yathunthu, osati kukopera 20 wa dzulo amene ali pa tchati. Okosijeni muyeze wodwala atachotsedwa pa makina, ndipo mulembe kuti anachotsedwa liti, chifukwa 95 wa munthu amene ali ndi timapaipi m'mphuno sanena chilichonse za mmene adzapumire kumudzi. Mukatero muyendetseni mpaka kumapeto kwa wodi ndi kubwerera, muyezenso. Bambo wathu anali ndi 93 atakhala, 90 atayenda, n'kubwerera pa 93 atapuma mphindi ziwiri. Manambala atatu onsewa alowe m'buku. Mukwezeni pa sikelo: makilogalamu 51. Nambala imeneyi idzakhala ya mtengo wapatali pakatha masabata awiri, monga muone kutsogoloku. Kenako mvetserani m'chifuwa ndi kulemba zimene zatsala: kuthetheka kumunsi kumanja, mpweya ukulowa mochepa zala ziwiri kapena zitatu zakumunsi. Zotsala ndi zimene zimasokoneza wolandira, ndiye ndi zimene ziyenera kulembedwa.

Kulemba manambala amenewa kumakutetezaninso inu kuti musatulutse munthu nthawi isanakwane. Zizindikiro zimene timayang'ana mwa wamkulu pa maola 24 omaliza ndi izi: kutentha kopitirira 37.8, mtima wopitirira ka 100, kupuma kopitirira ka 24, nambala yapamwamba ya kuthamanga kwa magazi yosafika 90, okosijeni wosafika 90, kulephera kudya kapena kumwa mankhwala, ndi kusokonezeka mutu. Ziwiri zikapezeka, bedi limenelo musalipereke kwa wina, ngakhale odwala agone pansi. Chimodzi chikapezeka ndipo mwaganiza zomutulutsabe, lembani kuti mwachiona komanso chifukwa chake. Awa ndi manambala a akuluakulu. A ana ndi ena, ndipo kwa mwana mlingo wa mankhwala umadalira sikelo, ndiye kulemera kwake kusasowe ngakhale pang'ono.

Za mankhwala ndinena mwachidule, poti vuto lake ndi lodziwika. "Apitirize amokisilini" si malangizo. Wolandira afuna kudziwa kuti maantibayotiki anayamba liti, anali ati, ndipo atha liti. Bambo wathu anabayidwa sefitiriakizoni magalamu 2 kamodzi patsiku kuyambira pa 3 mpaka pa 6 Febuluwale, majakisoni anayi. Pa 7 m'mawa anayamba amokisilini galamu imodzi katatu patsiku, kuti zonse pamodzi zikwane masiku 7, kutanthauza kuti mlingo womaliza ndi wa Lamulungu pa 9 madzulo. Lembani deti, osati chiwerengero cha masiku chokha. Chidule chija timakonda cha `3/7` wina amachiwerenga ngati masiku atatu, wina ngati pa 3 Julaye, ndipo ngakhale amene wachimva bwino sadziwa kuti masiku atatuwo ayambira pati.

Pitaninso mukaone zimene a ku famase apereka m'kathumba. Ngati makapisozi ndi a mamiligalamu 250, galamu imodzi ndi makapisozi anayi. Wodwala wamwa kale mlingo wa m'mawa ndi wa masana m'wodi, ndiye kwatsala milingo 7, makapisozi 28. Mukalemba kuti wapita ndi 28, mnzanu Lolemba adzangofunsa kuti "kathumba kaja kali kuti?" Akapezamo 14, adziwa kuti bamboyo amamwa awiriawiri monga anazolowera kale, ndipo kusachira kwake kuli ndi chifukwa china kusiyana ndi munthu amene anamwa onse koma thupi likutenthabe. Ngati mankhwala ena anamuwenga, kapena munasintha mankhwala pakati chifukwa oyamba sanagwire, zimenezo zilembedwe pamwamba poonekera.

Tsopano tifike pamene pali nkhani yaikulu. Kwathu kuno, wamkulu aliyense amene wagonekedwa ndi chibayo, makamaka ngati ali ndi HIV, amatuluka ndi funso la chifuwa chachikulu likulendewera. TB imatha kubwera ngati chibayo cha masiku ochepa. Imathanso kukhala pansi pa chibayo chenicheni: mumapha tizilombo tina tija ndi sefitiriakizoni, thupi limazizira, wodwala amayamba kupempha nsima, inu n'kusangalala, koma TB ili pomwepo. Kupeza bwino m'wodi sikutseka funsoli. Kalata yanu iyenera kunena poyera kuti funsoli lafika pati.

Pali mayankho anayi osiyana, ndipo ndimaona akusakanizidwa m'mawu amodzi akuti "TB anayezedwa". Loyamba, makhololo sanatengedwe n'komwe, mwina chifukwa wodwala analephera kutulutsa. Lachiwiri, anatengedwa koma zotsatira sizinatuluke. Lachitatu, makina a `GeneXpert` anapereka `INVALID`, `ERROR` kapena `NO RESULT`, zimene sizitanthauza kuti TB mulibe koma kuti kuyezako kwalephereka ndipo pafunika makhololo ena. Lachinayi, zinatuluka `MTB NOT DETECTED`, kutanthauza kuti TB sinaoneke. Kwa wolandira, atatu oyambawo ndi ntchito imene sinathe. Ngakhale lachinayilo lili ndi malire: mwa munthu amene chitetezo chatsika kwambiri, makhololo amakhala ndi tizilombo tochepa ndipo makina akhoza kuphonya, makamaka ngati chimene chinalowa m'kabotolo chinali malovu. Kuyeza mkodzo kwa LAM nakonso kumaphonya odwala ambiri. Kukaonetsa kuti TB ilipo kumathandiza kwambiri, koma kukapanda kuonetsa musapume.

Kwa bambo wathu, LAM sinaonetse kanthu pa 4 Febuluwale. Makhololo anapita ku labu pa 5, ndipo pofika Lachisanu zotsatira zinali zisanabwere. Apa ndi pamene odwala amatayika. Wodi imaganiza kuti a kuchipatala chaching'ono akatsatira, a kuchipatala chaching'ono sadziwa n'komwe kuti kuli zotsatira zoti atsatire, pepala limabwera Lachiwiri n'kulowa m'failo ya munthu amene anapita kale. Miyezi iwiri kenako amabwera atanyamulidwa, wataya makilogalamu asanu ndi awiri, ndipo ana ake awiri akutsokomola. Njira yopewera ndi yosavuta koma imafuna dzina la munthu. Lembani tsiku limene makhololo anatumizidwa, nambala ya m'kaundula wa labu, ndi amene adzatenge zotsatira: "Ine ndikatenga ku labu Lolemba m'mawa, ndidzaimbira woyang'anira chipatala chanu." Onjezani chochita ngati foniyo siibwera: "Mukapanda kumva pofika Lachiwiri pa 11, imbani ku wodi, kapena tengani makhololo ena mutumize ndi wa njinga yamoto wonyamula zoyeza." Ndipo nanu mukhale ndi kope lanu m'wodi lolembamo zotsatira zimene mukudikira, dzina la mudzi wa wodwala, chipatala chake ndi foni ya gadiyani. Mawu akuti "zotsatira zitsatiridwe" opanda mwini ali ngati munda wa gulu umene aliyense akuti wina akalima.

Muuzeninso wolandira chochita pa yankho lililonse. Zikatuluka kuti TB ilipo, ayambe mankhwala komweko osadikira, ndipo a m'nyumba mwake ayezedwe, makamaka ana osafika zaka 5. Alangizi a zaumoyo a m'deralo ndi amene angawapeze. Popeza bamboyu akumwa ma ARV okhala ndi dolutegilaviya, ndipo rifampisini amachepetsa mphamvu yake m'magazi, afunika piritsi lina la dolutegilaviya la mamiligalamu 50 patatha maola 12 kuchokera pamene wamwa la masiku onse. Zikatuluka kuti TB sinaoneke, ayezedwe pa sikelo pakatha masabata awiri ndi kufunsidwa za chifuwa, thukuta la usiku ndi kutentha thupi. Ngati watsika kuchoka pa 51, kapena zizindikirozo zilipobe, makhololo atengedwenso ndipo abwere kudzajambulidwa. Pali zinthu ziwiri zimene ine ndimalemba kuti zisachitike panthawi yodikirayi. Asapatsidwe sipurofulokisasini, chifukwa mankhwala a gulu limenelo amafooketsa TB pang'ono, wodwala n'kuoneka ngati wachira, makhololo n'kubisa, matenda n'kupezeka mochedwa. Ndipo asayambitsidwe mankhwala oteteza ku TB mpaka funsoli litatsekedwa, chifukwa kupatsa oteteza munthu amene ali kale ndi matenda ndi kumuchiza mwa theka.

Za HIV zikhale ndi madeti ngati za maantibayotiki. CD4 yake inali 140. Kuyeza magazi kwa CrAg, kofufuza kiriputokokasi woyambitsa matenda oumitsa khosi, sikunaonetse kanthu. Ma ARV munawayambitsanso pa 6 Febuluwale ndipo wapita ndi botolo la mapiritsi 30, amene atha pa 7 Malichi. Bakitilimu wa mamiligalamu 960 kamodzi patsiku, wa masiku omwewo. Khadi lake la ma ARV lili kuchipatala chaching'onoko, ndiye pemphani kuti amulembetsenso ndi kumukonzera uphungu, osati kumukalipira. Chenjezaninso kuti munthu wa CD4 yotsika chonchi akayambiranso ma ARV, TB imene inabisala ikhoza kuonekera mwamphamvu m'masabata oyambirira, pamene chitetezo chikudzuka. Koma musanalembe zonsezi, kumbukirani kuti buku limapita kunyumba ndipo limatsegulidwa ndi aliyense. Mufunseni bamboyo payekha ngati akazi ake akudziwa, komanso ngati gadiyani amene wagona pansi pa bedi sabata yonse akudziwa. Muuzeni zimene mukulemba. Gwiritsani ntchito zidule zimene azachipatala amamvana, ndipo polankhula pamaso pa achibale musamale lilime.

Ekisile muifotokoze m'mawu, popeza chithunzicho sichiyenda. Kwa bambo wathu: chibayo kumunsi kwa phapo la kumanja, timadzi pang'ono m'nthiti mbali yomweyo tosapopedwa, mulibe mphako. Timadzi timeneti musatiiwale. Nthawi zambiri timauma tokha, koma nthawi zina timasanduka mafinya, ndipo zikatero munthu amene anazizira amayambanso kutentha, kubaya kumabwerera, ndipo pogogoda m'nthiti malo osamveka mpweya amakwera m'mwamba. Mafinya a m'chifuwa sachoka ndi makapisozi. Amafuna kupopedwa kapena kuikidwa paipi. Wolandira amene sanauzidwe za timadzito akaona kutentha thupi adzayeza malungo, poti kuno malungo ali paliponse, ndipo zikaonetsa adzapereka LA n'kumubweza kunyumba. N'chifukwa chake zotsatira za malungo za m'wodi nazonso zilembedwe. Kwa bambo wathu sanapezeke. Koma akadapezeka n'kuchizidwa, mnzanu afunika kudziwa, chifukwa kachipangizo koyezera malungo mwachangu kamatha kuonetsabe mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atachira kale.

Chomaliza cholowa m'kalata ndi malire: zoyembekezereka ndi zobwezera. Wodwala chibayo sachira tsiku limene mankhwala atha. Kutentha kuyenera kukhala kutatha pofika sabata imodzi. Kubaya ndi makhololo zimachepa kwambiri pofika mwezi, chifuwa ndi kubanika pofika masabata 6, ndipo kufooka kumatha kukhalapo mpaka miyezi itatu. Msodzi amene akuyembekeza kupalasa bwato sabata yamawa auzidwe zimenezi, apo ayi adzaganiza kuti chipatala chalephera n'kuyamba kuyenda kwina. Wolandira naye akadziwa, sadzabwereza maantibayotiki kwa munthu amene akungotsokomola pang'ono koma sikelo ikukwera. Zobwezera muzilembe ndi manambala, ndipo munene kuti wodwala ayambe wapuma pamthunzi asanayezedwe, chifukwa munthu aliyense amene wayenda pa dzuwa la ku Nsanje kapena la ku Ngabu amafika akupuma mofulumira.

M'wodi timalemba m'Chingerezi, koma zimene ziyenera kupezeka pa tsamba la bambo wathu ndi izi:

> Wagonekedwa 3 Febuluwale, watuluka 7 Febuluwale. Chibayo chachikulu, kumunsi kwa phapo la kumanja. HIV, anasiya ma ARV miyezi 8, CD4 140. TB: FUNSO SILINATSEKEDWE. Palibe mankhwala odziwika omuwenga.
>
> Polowa: 39.2, kupuma 34, okosijeni 86. Anali pa okosijeni mpaka pa 5 Febuluwale madzulo.
>
> Potuluka, opanda okosijeni: 36.9 (sanatenthe kuyambira pa 5), kupuma 22, mtima 92, magazi 108/68, okosijeni 93 atakhala, 90 atayenda, 93 atapuma mphindi ziwiri. Makilogalamu 51. Kuthetheka ndi kuchepa kwa mpweya kumunsi kumanja zilipobe. Akudya, akuyenda yekha.
>
> Ekisile 3 Febuluwale: chibayo kumunsi kumanja, timadzi pang'ono tosapopedwa, mulibe mphako. Malungo: palibe. Kuchuluka kwa magazi, Hb: 9.4. LAM ndi CrAg: sizinaonetse kanthu.
>
> Sefitiriakizoni magalamu 2 kuyambira pa 3 mpaka pa 6. Amokisilini makapisozi 4 a 250 katatu patsiku, womaliza pa 9 Febuluwale madzulo. Wapita ndi 28. Ma ARV anayambiranso pa 6, iwo ndi bakitilimu atha pa 7 Malichi.
>
> Zodikira: makhololo a pa 5 Febuluwale (nambala ya labu). Ndikuimbirani Lolemba pa 10. Mukapanda kumva pofika pa 11, imbani kapena tengani ena. Musapereke sipuro kapena oteteza ku TB pakadali pano. TB ikapezeka, onjezani dolutegilaviya 50.
>
> Tikupempha: pa 10 Febuluwale muyeze zonse zili pamwambazi, muone kathumba ka mankhwala, mumulembetsenso ku ma ARV. Pa 24 Febuluwale sikelo, Hb ndi mafunso a TB. Pa 21 Malichi abwere kuno kudzajambulidwanso ngati zizindikiro zilipobe.
>
> Mubweze tsiku lomwelo ngati: okosijeni wosafika 90 atapuma, kupuma ka 30 kapena kuposa, kutentha 38 kwabwerera, magazi osafika 90, kusokonezeka kapena mutu waukulu, kutsokomola magazi, kusanza mankhwala. Mumubaye mlingo woyamba wa jakisoni musanamutumize.
>
> Dzina langa lowerengeka, udindo, foni ya wodi.

Zimenezi zimakwana tsamba limodzi la buku, mwina ndi theka. Taonani zimene mulibe: mbiri ya tsiku ndi tsiku ya m'wodi, madiripi angati analowa, panado, mayina a matenda amene munawaganizira n'kuwasiya. Taonaninso kuti mawu a TB ali pamwamba, m'zilembo zazikulu. Munthu wotanganidwa amawerenga mizere iwiri yoyamba ndi iwiri yomaliza, ndiye choopsa kwambiri chisabisale pakati.

Mukawona deti la pa 21 Malichi mwina mufunsa ngati aliyense ayenera kujambulidwanso. Ayi. Mnyamata wa zaka 25 amene wachira bwinobwino safunika kuwoloka Shire chifukwa cha chithunzi. Timajambulanso pakatha masabata 6 amene zizindikiro sizikutha, ndi amene apitirira zaka 50 kapena amasuta fodya, chifukwa mwa iwo chibayo nthawi zina chimabisa chotupa. Musanakwane masabata 6 chithunzi chimakhala chisanayere ngakhale mwa munthu amene akuchira, ndiye kujambula msanga popanda chifukwa kumangobweretsa mantha. Tsiku lililonse lobwerera limene mulemba ndi ndalama za kabaza ndi tsiku losapita kumunda; lembani okhawo amene mukudziwa chimene mudzachite wodwala akabwera. Ndipo musanapemphe kanthu kwa mnzanu, dziwani ngati ali nako. Kupempha Hb kumene kulibe choyezera ndi kungodetsa pepala. Ngati ndi choncho, nenani kuti ayang'ane m'maso ndi m'manja, ayeze akadzabwera kuno.

Za nthawi, ndikudziwa mmene Lachisanu limakhalira: anthu asanu ndi atatu otulutsa, magadiyani atamanga kale katundu, minibasi yomaliza ikufuna kunyamuka. Chimene chimathandiza ndi kuyamba kalata dzulo lake. Tsiku limene mwachotsa wodwala pa okosijeni kapena mwamusintha kuchoka pa jakisoni, lembani gawo la matenda, zoyeza ndi mankhwala. M'mawa wotulutsa kumangotsala manambala a tsikulo ndi zodikira, ntchito ya mphindi zisanu. Buku likakhala lodzaza kapena linanyowa ndi madzi osefukira, masamba atamatana, musalembe m'mphepete mwa tsamba lakale. Gadiyani agule lina, kapena lembani pa pepala loyera mulimange m'kati. Wodwala wochokera tsidya la Mozambiki amene sadzapita kuchipatala chathu chilichonse, mulembereni mayina a mankhwala athunthu, opanda zidule za kuno, chifukwa wowerenga wake adzakhala wa Chipwitikizi.

Mukamaliza kulemba, khalani pansi ndi wodwala ndi gadiyani mphindi ziwiri. Ngati Chisena simuchidziwa bwino, itanani namwino kapena wothandizira m'wodi amene amachilankhula. Musafunse kuti "mwamva?", chifukwa munthu waulemu adzati inde. Afunseni kuti akuuzeni okha: makapisozi angati, kangati, mpaka liti, apita kuti Lolemba, chikachitika chiyani adzathamangira kuchipatala osadikira tsiku. Auzeni kuti kuli zotsatira za makhololo zimene zikudikiridwa ndipo akafunse okha akafika. Wodwala amene akudziwa kuti kuli pepala lake lotsala ndi amene amakumbutsa dokotala pamene foni yalephera.

Kwa odwala ngati bambo uyu, amene ali ndi zotsatira zodikira kapena anatuluka ndi okosijeni wa m'malire, imbaninso foni kwa mnzanu tsiku lomwelo, mumuuze dzina la mudzi ndi tsiku loti amuyembekezere, kuti akapanda kufika atumize mlangizi wa zaumoyo. Ndipo poti mnzanuyo ndi womasuka nanu, mupempheni kuti odwala anu atatu otsatira akafika kwa iye akuuzeni funso limene anali nalo koma sanapeze yankho lake m'buku, kuti mulionjeze pa kalata ya wachinayi.